Kalata kwa eni basi imene inandisiya pamsewu ku Kanyama

Bambo,

Dzina lanu ndilidziwa ndipo nambala ya basi yanu ndinailemba, koma pano sindizitchula. Ndifuna muyambe mwamva nkhani yanga muli m'nyumba mwanu, anthu asanayambe kukulozani zala pa sitesheni. Ndine mayi wa ku Kanyama, nchito yanga ndi yosoka. Poliyo inandigwira ndili mwana, choncho mwendo wanga wakumanzere uli m'chitsulo ndipo ndimayenda ndi ndodo ziwiri.

Lachiwiri lapitali ndinali ndi tsiku loonana ndi adokotala ku UTH. Kuchoka kwathu kupita kumeneko ndi mabasi awiri: yoyamba yolowa m'tauni, yachiwiri yochokera m'tauni kupita kuchipatala. Ndinafika pa Los Angeles Road nthawi isanakwane 6 koloko. Usiku kunagwa mvula, ndipo inu mudziwa mmene Kanyama imakhalira ikagwa: madzi sapita kulikonse, amangokhala. Ndinasankha kamalo kouma, ndinaimika ndodo zanga bwino, n'kuyamba kudikira.

Basi yanu inabwera kondakita atatulutsa mutu pawindo akukuwa kuti "Tauni! Tauni!" Ndinakweza dzanja. Inachepetsa liwiro, inaima, chitseko chinatseguka. Munali malo atatu, ndinawaona ndi maso anga. Nditasuntha ndodo yoyamba, dalaivala anatembenuka, anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kuuza kondakita kuti: "Iwe, vala chitseko. Aba bazatichedwesa." Kondakita, mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, anati, "Mami, yazula, kwelani ya kumbuyo." Atsikana awiri amene anafika pambuyo panga anadumphiramo, chitseko chinatsekedwa, tayala linandithira matope pachitenje, basi inapita.

Ya kumbuyo inabweradi yodzaza. Inanso sinaime n'komwe. Nditaima pafupifupi ola lathunthu manja anayamba kunjenjemera, chifukwa munthu wa ndodo akaima thupi lake lonse limalemera m'manja ndi m'mapewa. Ndinaitana takisi. Ndinalipira K120 kufika m'tauni, pa ulendo wa K15. Ndalama imeneyo inali ya ulusi ndi mazipi a mayunifomu amene anthu anandipatsa kale kuti ndisoke.

Madzulo, mnansi wanga amene anali m'basi yanu anabwera kudzapepesa kuti anakhala chete. Ndiye amene anandiuza chimene chandilembetsa kalatayi. Basi itandisiya, inakaima pa malo otsatira kwa mphindi zoposa zisanu, injini ikulira, kondakita ali pansi akuthamangira anthu amene anali akali kutali m'komboni, kuti adzaze mpando umodzi umene unatsala.

Tsono tiyeni tikambirane za kuchedwa, popeza ndicho chifukwa chimene dalaivala wanu anapereka.

Mwana wanga anandiwerengerapo nthawi pa foni. Basi ikaima pabwino ndipo mpando uli pafupi, ndimakwera m'masekondi osapitirira 40. Tinene kuti ndi mphindi yathunthu, kuti musati ndadzikondera. Tiyerekeze kuti basi yanu imanyamula anthu 16, aliyense K15. Ikadzaza ndi K240. Ngati ulendo wa m'mawa wolowa m'tauni utenga mphindi 40 chifukwa cha kuthinana kwa mamotoka, ndiye kuti mphindi iliyonse ya basi yanu ndi K6. Mphindi yanga ikudyerani K6, ine ndikukupatsani K15. Mwapindula K9. Dalaivala wanu anakana K15 imene inali itaima pachitseko, n'kukataya mphindi zisanu, ndiye kuti K30, kufunafuna K15 ina. Ikanimo manambala anu enieni, poti inu muwadziwa kuposa ine. Yankho silisintha. Ngati ndi bizinesi, munthuyu anakuluzitsani.

Ndipo ndani sadziwa mmene mabasi a mu Lusaka amachedwera? Basi imabwerera chammbuyo kukatenga munthu amene wangokweza dzanja ali patali. Imaima kuti thumba la makala limangidwe. Imalowa pothira mafuta anthu ali momwemo. Imaima pakati pa msewu kondakita akupempha chenji kwa mnzake wa basi ina. Zonsezi tikuzipirira tsiku ndi tsiku, palibe amene amazitcha kuchedwa. Nthawi imayamba kudula pokhapokha pamene woima pamsewu ali ndi ndodo.

Mwina mudzati vuto ndi malo. Ndodo zanga ndi zachitsulo chopepuka, ziwiri pamodzi sizilemera ngati botolo la saladi lalikulu. Ndimaziimika pakati pa maondo anga kapena kuzigoneka pansi pa mpando. M'basi zomwezi ndakwerapo ndi nkhuku zamoyo, mitolo ya salaula, mabaketi a vitumbuwa, ndi thumba la unga la makilo 25 litatsamira pa mwendo wanga wabwino kuyambira ku Soweto Market mpaka kwathu. Katundu yense amapeza malo chifukwa ali ndi mtengo wake. Kodi ndiyambe kulipirira ndodo zanga ngati katundu kuti zilowe? Imeneyi ndi miyendo yanga, Bambo. Inu miyendo yanu simuilipirira.

Ndidziwa chimene mudzanena mukafika apa, chifukwa eni mabasi onse amanena chimodzimodzi: "Ine sindinalipo. Ndi anyamata." Apa mpamene ndikutsutsana nanu kwambiri, ndipo n'chifukwa chake kalatayi yabwera kwa inu, osati kwa dalaivala.

Tonse tidziwa mmene nchitoyi imayendera. M'mawa mumapereka makiyi, madzulo mumafuna kashing'i yanu, ndalama imene munapangana, yathunthu. Kaya kunali mvula, kaya msewu unatsekeka, kaya apolisi anaimika basi, chiwerengero chanu sichitsika. Dalaivala ayambe wapeza ya inu, apeze ya mafuta, apereke kwa angwangwazi amene amakuwira anthu pa sitesheni, alipire kondakita, ndipo chotsala ndicho chake. Munthu wotere tsiku lonse mtima uli m'mwamba. Amayendetsa akuwerengera. Amaona basi ya mnzake pagalasi ikubwera kudzamulanda anthu a kutsogolo. Akaona nkhalamba, mayi wa pakati, wakhungu ndi womutsogolera, kapena ine, sawerenga bwinobwino monga ndachitira pamwambapa. Amangomva mantha akuti achedwa, n'kuponda mafuta.

Sindikumuchotsera mlandu. Ndi munthu wamkulu, ali ndi maso, ndipo anasankha yekha mawu amene ananena. Koma mantha amenewo munamupatsa ndinu. Munamuuza kuchuluka kwa kashing'i, munamuuza tsiku losintha oyilo, munamuuza kuti akaphwanya galasi adzalipira. Kodi munamuuzapo ngakhale kamodzi chochita akapeza munthu wa ndodo kapena wa njinga ya olemala? Ngati simunamuuze, munamusiya kuti aganize yekha, ndipo iye anaona kuti chimene mumafunsa madzulo ndi ndalama basi. Wanchito amasamala chimene bwana amafunsa. Simungadye kashing'i ya basi n'kukana manyazi a basi yomweyo. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mwinanso mudzati basi ndi yanu, munagula ndi ndalama zanu, munyamula amene mufuna. Ikanakhala motoka yopita nayo kutchalitchi ndi banja lanu, ndikanakhala chete. Koma tsiku limene munapita ku RTSA kukatenga laisensi yonyamula anthu, munavomera kuti basiyo idzatumikira anthu onse olipira. Laisensiyo ili m'dzina lanu. Akuluakulu akumbukira mabasi a boma a UBZ. Kampaniyo inatha m'zaka za m'ma 1990, nthawi ya a Chiluba, ndipo kuyambira pamenepo ulendo wa munthu wa ku Kanyama, Matero, Chawama, George, Mtendere ndi Kalingalinga uli m'manja mwa anthu monga inu. Palibe basi ina ya olemala imene imabwera pambuyo pa yanu. Mukandisiya inu, wandisiya ndi mzinda wonse. Chotsala ndi takisi ya K120 kapena kubwerera kunyumba.

Ndipo ambiri amabwereradi kunyumba. Kafukufuku wa boma wa za olemala wa 2015 anapeza kuti mwa akuluakulu a mu Zambia, pafupifupi 11 pa 100 aliyense ali ndi kulemala kwa mtundu wina. Ndiye kuti munthu mmodzi mwa anthu 10, kapena kuposerapo pang'ono. Si onse amene kulemala kwawo kumaoneka ndi maso, ndivomera. Komabe funsani kondakita wanu kuti pa sabata amanyamula angati a ndodo. Akakuuzani kuti ndi ochepa, musaganize kuti kulibe. Alipo, ali m'nyumba, anatopa kukanidwa. Ndidziwa amayi amene anasiya kupita kukaongoletsa miyendo kuchipatala, osati chifukwa chosowa ya basi, koma chifukwa cha manyazi oima pamsewu mabasi akuwalambalala anthu akuonerera.

Tsopano za lamulo, poti mwina mukuganiza kuti ndikupempha chifundo. Mu 2010 dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la anthu olemala, Persons with Disabilities Act, nambala 6 ya chaka chimenecho. Lamuloli limaletsa kusala munthu chifukwa cha kulemala kwake. Limanenanso chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa: kusala si kutukwana kapena kuthamangitsa kokha. Kukana kusintha kanthu kakang'ono, kosakulemetsani, kamene kangathandize wolemala kulandira chimene ena onse akulandira, nakonso ndi kusala. Kudikira mphindi imodzi ndi kanthu kotere. Kupempha mnyamata wa pampando wa kutsogolo kuti asendere kumbuyo ndi kanthu kotere. Bungwe la boma loyang'anira lamuloli ndi ZAPD, ndipo madandaulo a kusalidwa amalandiridwanso ku Human Rights Commission.

Musaganize kuti zimenezi zimathera papepala. Mu 2011 a Sela Brotherton, m'malo mwa ZAFOD, chigwirizano cha mabungwe a olemala, anasumira bungwe loyendetsa masankho la ECZ ku High Court chifukwa malo ambiri ovotera anali osafikika kwa olemala. Khoti silinaimitse masankho a chaka chimenecho, koma linagamula kuti kumeneko kunali kusala kosaloledwa, ndipo linalamula bungwelo kukonza zinthu. Taonani kuti ECZ sinaike munthu pachipata woti azibweza olemala. Inangosankha malo a masitepe osaganizira kuti ena sangakwere. Ngati kusaganizira kokha kunapezeka kuti ndi mlandu, nanga munthu amene waona ndodo ndi maso ake n'kunena kuti tseka chitseko?

Sindikukupemphani kugula basi yatsopano yokhala ndi chokwezera anthu. Ndidziwa Hiace ndi Hiace. Chimene chikufunika ndi chakuti anyamata anu adziwe kukweza munthu wa ndodo, ndipo popeza palibe amene anawaphunzitsa, ndikulemberani pano kuti muwawerengere.

Choyamba ndi poimika. Dalaivala ayang'ane pansi pamene chitseko chidzatsegukire. Kunsi kwa ndodo kuli mphira, ndipo mphira pamatope kapena pamiyala yoterera imatsetsereka. Ndodo ikatsetsereka munthu amagwa chamutu, popeza manja onse awiri ali otanganidwa. Asaimike chitseko pa ngalande kapena pa chithaphwi. Kusendeza basi mamita awiri kutsogolo sikudya mafuta. Ndipo basi iime ndithu, osati kuja kumayenda pang'onopang'ono kondakita akumenya chitseko kuti tiye.

Chachiwiri ndi mpando. Wa ndodo asatumizidwe kumbuyo, chifukwa kufika kumeneko kumafuna kuwerama, kupinda maondo onse awiri ndi kudumpha miyendo ya anthu. Mwendo wa m'chitsulo supindika msanga, ndipo wa pulasitala supindika n'komwe. Asakhalenso pa kampando kopinda ka pakhomo, chifukwa wokhala pamenepo amatsika ndi kukweranso nthawi iliyonse wina wa kumbuyo akaseluka, ndipo apo mpamene kuchedwa kwenikweni kumabadwira. Malo abwino ndi awiri: kutsogolo pafupi ndi windo, kapena mzere woyamba kuseri kwa dalaivala, kumene opita kumbuyo sadutsa. Ngati pali munthu, kondakita apemphe. Pazaka zonse zimene ndakwera mabasi, sindinaonepo wokwera akukana atapemphedwa mwaulemu. Amene amakana kupempha ndi makondakita.

Chachitatu ndi manja. Kondakita afunse kuti, "Ndikuthandizeni bwanji?" ndipo amve yankho. Asandikoke dzanja, chifukwa dzanja limenelo ndilo likundiimika, kulikoka kuli ngati kutchera mwendo munthu woyenda. Asandinyamule m'khwapa ngati thumba. Asandilande ndodo ndisanakhale pansi. Pokwera umayamba mwendo wamphamvu, wofooka ndi ndodo zimatsatira. Potsika zimayamba ndodo ndi mwendo wofooka, wamphamvu pambuyo. Amene adziwa zimenezi amangogwira chikwama changa, n'kuima pambali mokonzeka. Ndikakhala, ndodo zikhale pamene dzanja langa lifika, osati kuponyedwa ku buti. Basi ikachita ngozi ndodo zili ku buti, onse adzathawa, ine ndidzatsala.

Chachinayi ndi potsika. Dalaivala asanyamuke mpaka ataona kuti ndodo zonse ziwiri zaponda pansi ndipo ndachoka pambali pa basi. Mtengo ndi womwewo umene alipira ena. Zonsezi kuziphunzitsa sikutenga nthawi yoposa imene mumatenga powerenga kashing'i ya tsiku limodzi.

Mungadziwe bwanji ngati akuchita? Osawafunsa, adzakuuzani kuti inde. Tumani m'bale wanu wachikulire wa ndodo akaime pamsewu m'mawa, inu mukhale patali muone. Lembani nambala ya foni m'kati mwa basi, pamene okwera angaione, yoti aziimbira akaona munthu akusiyidwa. Mnansi wanga uja akanakhala ndi nambala yotere, mukanamva nkhaniyi Lachiwiri lomwelo.

Tsono zimene ndikufuna kwa inu ndi izi. Ndifuna dalaivala ndi kondakita abwere, inu muli pomwepo, andiuze pamaso kuti analakwa. Sindifuna muwachotse nchito. Ali ndi ana, ndipo mukawachotsa mudzalemba ena amene adzachita zomwezo pansi pa kashing'i yomweyo, inu n'kumati mwakonza. Ndifuna K105 yanga, kusiyana kwa takisi ndi basi, chifukwa sindinaitaye mwa kufuna kwanga. Ndifuna muuze anyamata a mabasi anu onse, pakamwa panu, kuti kusiya munthu chifukwa cha ndodo ndi mlandu kwa inu wofanana ndi kubweretsa kashing'i yoperewera. Ndipo ngati tsiku lina dalaivala adzabwera ndi ndalama yoperewera K6 n'kunena kuti anadikira wolemala, mumukhululukire K6 imeneyo.

Ndikupatsani masabata awiri. Akatha ndisanamve kanthu, kalata yomweyi ndidzaipereka ku ZAPD, ku Human Rights Commission ndi ku RTSA, ndipo pamenepo padzakhala dzina lanu, nambala ya basi, tsiku, nthawi, ndi mboni imene inali m'kati. Sindikukuopsezani. Ndikukuuzani njira imene ndidzayenda, kuti musadzati ndinakuzembererani.

Anthu ena akandimva amati, "Mungowakhululukira, mawa iwonso angalemale." Akulu anati lungalunga n'kubadwa, chilema chichita kudza, ndipo n'zoona. Ku UTH, kumene ndimapita, pamzere wa odwala mafupa sipasowa anthu amene anathyoka miyendo pamsewu, ena a iwo oyendetsa mamotoka, akuphunzira kugwira ndodo ali akuluakulu. Koma sindifuna mundinyamule chifukwa choopa za mawa lanu. Ngakhale mutakhala ndi miyendo yolimba mpaka tsiku la maliro anu, Lachiwiri lija ndinali ndi K15 m'manja, m'basi munali malo, ndipo ndinafika poyamba.

Tsiku langa lina ku UTH lili mwezi wamawa. Ndidzaima pamalo omwe aja, nthawi yomweyo, ndi ndodo zomwezi. Basi yanu ndiidziwa.

Ine,
Mayi wosoka wa ku Kanyama